Mmene ndinafupikitsira imelo ya ndime zisanu mpaka ziwiri koma ulemu osachokapo

Abwana anga maimelo ambiri amawerengera pa foni, nthawi zambiri akuchoka mu miting'i ina kupita mu ina, ndiye ukawalembera chinthu chachitali amayankha chomwe chili pamwamba chokhacho, zapansizo zimangodutsa. Si nkhanza ayi, munthu amene imelo zikumugwera tsiku lonse amawerenga choncho basi. Nde tsiku lina Lachiwiri ndinafunika kuwapempha kuti andiwonjezere masiku operekera lipoti, ndipo pempho ngati limeneli ndi lija umafuna lilembedwe mwaulemu kwambiri chifukwa ukupempha munthu asinthe deti lomwe munagwirizana kale. Ndinalemba mmene zinabwerera m'mutu, ndipo zinatuluka chonchi:

> Subject: Pempho
>
> Moni bwana,
>
> Ndikhulupirira kuti muli bwino komanso kuti ntchito ikuyenda bwino. Pepani kwambiri chifukwa chokuvutitsani, ndikudziwa kuti muli ndi zochita zambiri masiku ano. Ndalemba imelo iyi pofuna kukudziwitsani za nkhani ina yake yokhudza lipoti la kotala.
>
> Monga mukudziwa kale, lipoti la kotala timalemba miyezi itatu iliyonse ndipo limafunika manambala ochokera ku maofesi osiyanasiyana. Monga mukukumbukira, pa miting'i yathu ija tinagwirizana kuti lipotili lifike kwa inu Lachinayi pa 14.
>
> Koma vuto ndi loti manambala a ku akaunti sanabwere pa nthawi yake. Ndinawalembera sabata yatha sanayankhe, dzulo ndinaimba foni anati munthu wake kulibe, lero ndinapitako ndekha ndipo andiuza kuti adzatumiza Lachisanu pa 15. Si kuti ndikudandaula ayi, ndikungofotokoza mmene zinthu zayendera.
>
> Chifukwa cha zimenezi ndimaganiza kuti mwina, ngati n'kotheka, komanso ngati sizikuvutani, mungandiwonjezereko nthawi pang'ono. Ndikuganiza kuti Lolemba pa 18 ndidzakhala nditamaliza. Magawo ena onse ndamaliza kale, latsala ndi gawo 3 lokha. Ndaika zomwe ndamalizazo pa imelo yomweyi.
>
> Komanso ngati n'kotheka mundiyankhe pofika mawa masana kuti ndiwadziwitse anzathu osindikiza. Pepaninso chifukwa chokuvutitsani. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu komanso kumvetsa kwanu. Ndidikira yankho lanu. Zikomo.

Palibe bodza m'menemu, palibenso mwano, koma taonani pomwe pempho lenilenilo lili, ndime yachinayi. Pa foni munthu akuyenera kukweza sikirini asanadziwe n'komwe kuti ndikufuna chani. Komanso deti latsopano lija la pa 18 lili mu chiganizo china chosiyana ndi pempho, moti munthu wowerenga mothamanga atha kuyankha kuti "chabwino" osadziwa kuti wavomera masiku angati.

Chinthu choyamba chomwe ndinachita si kufufuta. Ndinatenga kapepala n'kulemba zinthu zomwe zikasowa mu imelo ndiye kuti imeloyo yalephera ntchito yake, ndipo ndinadzifunsa funso limodzi pa chilichonse, loti ndikachotsa ichi kodi abwanawo afunika kundilemberanso kuti andifunse? Zomwe zinapulumuka pa funso limeneli ndi izi: lipoti lake ndi liti, deti lakale pa 14, deti latsopano pa 18, chifukwa chake chomwe ndi manambala obwera pa 15, zoti latsala gawo 3 lokha ndipo zina zili mu fayilo, komanso nthawi yomwe ndikufuna yankho. Kapepala kameneka ndi kofunika chifukwa ukayamba kudula dzanja limazolowera, umangofufuta mpaka umapezeka wachotsa nambala yofunika osazindikira. Pamapeto umabwerera ku kapepalako n'kumachonga chimodzichimodzi.

Kenako kudula. Ndinayambira pa chiganizo chija choti "Ndalemba imelo iyi pofuna kukudziwitsani za nkhani ina yake". Ichi ndi chiganizo cholengeza kuti ndilankhula, m'malo molankhula. Munthu watsegula kale imelo, akudziwa kuti ndalemba. Chinachoka chonse. Ndime yachiwiri nayo ili ndi chizindikiro chomwe ine tsopano ndimachisaka dala, mawu oti "monga mukudziwa" ndi "monga mukukumbukira". Ukaona walemba choncho ndiye kuti iwe mwini ukuvomereza kuti chomwe chikubwera kutsogoloko wowerenga akuchidziwa kale, nanga ukuchilemberanji? Abwana amene amasaina lipoti la kotala safunika kuuzidwa kuti limalembedwa miyezi itatu iliyonse. Koma apa chenjerani, mkati mwa ndime yosafunikayi munabisala chinthu chimodzi cha pa kapepala kanga, deti la pa 14. Ndikanangosankha ndime yonse n'kufufuta, deti likanapita nayo. Ndinalitola n'kulisunga pambali.

Ndime yachitatu ndi yomwe inandivuta mtima kuidula, ndipo ndikudziwa ambiri imakuvutaninso. Nkhani ija yoti ndinalemba, ndinaimba, ndinapitako ndekha, imakhala ngati ndi umboni wako woti sunangokhala manja lende. Koma ukaiwerenga ndi maso a wolandira, ikugwira ntchito yoteteza ine, sikuthandiza abwanawo kusankha kuti avomere kapena akane. Chomwe akufuna kudziwa ndi choti manambala abwera liti, basi. Kuwonjezera apo, kufotokoza mwatsatanetsatane mmene a ofesi ina anakuzunguzira kumamveka ngati ukuwaneneza, n'chifukwa chake ndinafunika kuika kachiganizo kodzitchinjiriza kaja koti "si kuti ndikudandaula ayi". Ndiye nditachotsa nkhaniyo kachiganizo kameneka kanachoka kokha, chifukwa panalibenso choti katchinjirize. Izi zimachitika kawirikawiri, mawu ena osafunika amakhalapo pofuna kukonza zomwe mawu ena osafunika awononga.

Ndinene pano kuti nkhani ngati imeneyi si nthawi zonse imachoka. Imelo ikakhala yoti mukufuna abwana alowererepo, mwina akankhe a ku akauntiwo, ndiye masiku omwe munalemba ndi kuimba aja ndi mfundo zenizeni, asiyeni, mungowaika mu chiganizo chimodzi. Mu imelo yangayi sindimapempha zimenezo. Chosafunika chimadziwika ndi zomwe ukupempha, osati ndi mmene mawuwo akuonekera.

Tsopano za ulemu, pomwe anthu ambiri amaopa. Nditawerenga bwinobwino ndinapeza kuti ndapepesa kawiri, ndathokoza kawiri, ndipo pa pempho lenileni ndaunjika zofewetsa zingapo motsatizana, "ndimaganiza kuti", "mwina", "ngati n'kotheka", "ngati sizikuvutani", kenako "mungandiwonjezereko" n'kumalizanso ndi "pang'ono". Chilichonse pachokha ndi chabwinobwino. Koma zikachuluka chonchi pempho limasungunuka, wowerenga sakuonanso ngati ukupemphadi kapena ukungoganiza mokweza. Komanso kupepesa chifukwa cholemba imelo ya ntchito kwa munthu amene ntchito yake ndi kulandira imelo zotere, kumangomupatsa zowerenga zambiri, yemweyo amene ukunena kuti watanganidwa.

Zomwe ndinaona ndi zoti ulemu mu imelo umakhala m'malo atatu, pa moni, pa mneni wa pempho, ndi pothokoza. Malo atatuwa sindiwakhudza. Moni ndi kachiganizo kamodzi kofunira munthu zabwino ndimasiya, ndi mawu ochepa kwambiri ndipo kuwachotsa sikufupikitsa kanthu koma kumaziziritsa imelo yonse. Pa pempho ndimasiya chofewetsa chimodzi, ine ndimakonda "ndikupempha kuti ngati n'kotheka", chifukwa chimasonyeza kuti chiganizo chomaliza ndi chawo. Kuthokoza kamodzi kumapeto. Zina zonse zomwe zimaoneka ngati ulemu ndi kubwereza kwa zitatu zomwezi.

Nditadula zonsezi ndinatsala ndi tizidutswa, chiganizo chimodzi apa, theka la chiganizo apo, zili m'ndime zisanu zomwe zija koma zopanda kanthu mkati. Apa ndi pomwe kuphatikiza kumabwera, ndipo si nkhani yongochotsa mipata pakati pa ndime kuti zigundane. Ukatero umapeza chindime chimodzi chachikulu chomwe pa foni chimaoneka ngati khoma, choipa kuposa poyamba. Ine ndimayang'ana kuti ndime iliyonse ikuyankha funso lanji m'mutu mwa wowerenga. Ndime yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi zonse zimayankha funso limodzi, loti ukufuna chani ndipo chifukwa chani. Deti lakale, chifukwa, deti latsopano, ndi nkhani imodzi yomwe ndinaimwaza patatu. Zimenezo ziphatikizane. Ndime yomaliza ikuyankha funso lina, loti ineyo wowerenga ndichite chani ndipo pofika liti. Imeneyo ikhale payokha.

Pophatikiza ndinatembenuzanso dongosolo. Poyamba ndinalemba mmene zinthu zinachitikira, mgwirizano, kenako vuto, kenako pempho. Ndi mmene timafotokozera nkhani pakamwa. Mu imelo ndinaika pempho patsogolo, chifukwa chake pambuyo, ndipo chomwe chinamanga zidutswazo ndi timawu tiwiri tokha, "m'malo mwa" ndi "chifukwa". Mawu oti "m'malo mwa" anameza ndime yonse yachiwiri, popeza "pa 18 m'malo mwa pa 14" akunena kale kuti panali mgwirizano wa pa 14. Mawu oti "chifukwa" anameza ndime yachitatu. Zinatuluka chonchi:

> Subject: Pempho: lipoti la kotala lifike pa 18
>
> Moni bwana,
>
> Ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha kuti ngati n'kotheka mundilole kupereka lipoti la kotala Lolemba pa 18 m'malo mwa Lachinayi pa 14, chifukwa manambala a ku akaunti adzafika Lachisanu pa 15. Latsala ndi gawo 3 lokha, magawo ena onse ali mu fayilo yomwe ndaika pa imeloyi.
>
> Chonde mundiyankhe pofika Lachitatu pa 13, 12 koloko masana, kuti ndiwadziwitse osindikiza. Zikomo kwambiri chifukwa chomvetsa.

Yoyamba ija inali ndi mawu oposa 150, iyi sikufika ngakhale theka lake. Ngati mukufuna kuona manambala anu, ikani mawuwo mu Google Docs n'kudina Ctrl+Shift+C, kapena mu Word yang'anani pansi kumanzere pa sikirini pamaoneka chiwerengero. Koma ine sindiika nambala yoti ndifikire, chifukwa ukangoti ndikufuna mawu 50 umayamba kudula zinthu za pa kapepala kaja kuti nambala ikwane.

Muona kuti malo awiri imelo yatalikako m'malo mofupika. "Mawa masana" yasanduka "Lachitatu pa 13, 12 koloko masana". Mawu oti mawa amadalira tsiku lomwe munthu watsegula imelo, akaitsegula Lachitatu m'mawa ndiye mawa wake ndi Lachinayi, ndipo masana a wina ndi 12 koloko a wina ndi 3 koloko. Pamenepa mawu owonjezera ndi opindulitsa. Malo enanso ndi pa Subject. Mawu oti "Pempho" okha sakunena kanthu, pomwe watsopanoyu akunena nkhani yonse munthu asanatsegule. Mapulogalamu ngati Gmail ndi Outlook amaonetsa Subject pamodzi ndi kachidutswa ka mawu oyambirira a imelo pa mndandanda wa imelo zobwera, ndipo pa foni Subject wautali amadulidwa kumapeto, ndiye mawu ofunika akhale koyambirira. Mu imelo yoyamba ija kachidutswa kameneka kakanadzaza ndi "ndikhulupirira kuti muli bwino komanso kuti ntchito", basi.

Mnzanga wina wa mu ofesi ataona ndikulimbana nazo anati, iwe ukuchedwa nazo bwanji, ingolemba chonchi:

> Bwana, lipoti lifika pa 18. Manambala achedwa. Zikomo.

Ndi yaifupidi, ndipo "bwana" ndi "zikomo" zilipo, koma ulemu wathawa. Wathawira pa mneni. "Lifika" si pempho, ndi chidziwitso, ukuwauza abwana zomwe wasankha kale. Ichi ndi chinthu chomwe chimawonongeka koyamba munthu akadula mopitirira, chifukwa mawu ngati "ndikupempha" ndi "mundilole" amaoneka ngati owonjezera pomwe ndi amene akunyamula nkhani yoti ndani ali ndi mphamvu yovomera. Komanso yesani funso la pa kapepala lija. Lipoti liti? Manambala a kuti, abwera liti? Zina mwamaliza? Ndikuyankheni kapena ayi? Mafunso onsewa ndi imelo zina zomwe zibwere, ndiye nthawi yomwe mwapulumutsa polemba mwaibweza kawiri poyankha. Njira yodziwira kuti mwadula kwambiri ndi imeneyi, yankho likabwera ndi funso lomwe yankho lake linali mu dirafuti yanu yoyamba.

Pali tinthu tina tomwe timasweka pophatikiza ndime, tosaoneka msanga. Kamodzi ndi mawu olozera, monga "zimenezi", "izi", "iwo". Ndime yachinayi ya dirafuti yanga imayamba ndi "Chifukwa cha zimenezi", ndipo "zimenezi" zimaloza nkhani ya ku akaunti ija. Ukachotsa kapena kusuntha nkhaniyo koma mawu olozerawo n'kutsala, akuloza pomwe palibe kanthu, kapena choipa kwambiri akuloza chinthu china chomwe chabwera pamalopo. Iwe wolemba suona vuto chifukwa m'mutu mwako nkhani yonse ikadalipo. Nde ndikamaliza kuphatikiza ndimasaka mawu oterewa limodzilimodzi n'kufunsa kuti likuloza chani, ndikakayika ndimaika dzina la chinthucho.

Kena ndi kuika mapempho awiri mu ndime imodzi. Ndinayesa kuphatikiza zonse kukhala ndime imodzi kuti ndione, ndipo pempho loti andiyankhe pofika Lachitatu linamira kumapeto kwa mzere wa fayilo, lovuta kuliona. Munthu wowerenga mothamanga amagwira chiyambi cha ndime, pakati amadumpha. Ndiye chilichonse chomwe mukufuna munthu achite chiyambe ndime yake. Mukakhala ndi mafunso atatu osiyana musawaphatikize n'komwe, aikeni lililonse pa mzere wake ndi manambala 1, 2, 3, imelo italikako kukula kwake pa sikirini koma munthu atha kuyankha kuti 1 inde, 2 ayi, 3 tikambirane.

Komanso chiganizo chophatikizacho chili ndi malire. Changa chija chanyamula madeti atatu, 18, 14 ndi 15, ndipo pamenepo ndi pothera. Ndikanawonjezera za gawo 3 mu chiganizo chomwecho manambala akanayamba kusokonezana. Ndimachiwerenga mokweza, mpweya ukandithera ndisanafike pa mpumiro ndiye kuti ndaphatikiza zambiri, ndichidule pawiri. Kuwerenga mokweza kumathandizanso pa ulemu, khutu limagwira msanga chiganizo chomveka ngati lamulo kuposa diso.

Za chifukwa chomwe ndikufunira yankho, "kuti ndiwadziwitse osindikiza", wina angati n'zosafunika. Ine ndinazisiya dala. Kupatsa abwana ako nthawi yoti ayankhe popanda kunena chifukwa kumamveka ngati ukuwalamula, koma ndi mawu atatuwa akuona kuti nthawiyo sinachokere kwa ine, pali anthu ena akudikira. Pena mawu amene akusunga ulemu si "chonde" kapena "pepani", ndi kachifukwa kakang'ono ngati aka.

Sikuti imelo iliyonse ndimaidula chonchi. Kwa munthu amene sandidziwa, chiganizo chonena kuti ndine ndani ndipo adiresi yake ndaipeza bwanji ndi mfundo yofunika, sichichoka. Imelo yopepesa pa cholakwa chenicheni, kapena yokana pempho la munthu, imafuna malo ochulukirapo, kufupikitsa kwambiri pamenepo kumaoneka ngati sukusamala. Ndipo pa Cc pakakhala munthu amene sanali mu miting'i, "monga mukudziwa" uja sakugwiranso ntchito chifukwa iyeyo sakudziwa, ndiye chiganizo chimodzi chofotokoza pomwe nkhani yachokera chibwerere. Kusiyana kwake ndi koti umalemba chimodzi osati ndime.

Ndisanadine Send ndinabwerera ku kapepala kuchonga zonse, ndinaona kuti fayilo ndaiikadi chifukwa imelo ikunena kuti ilipo, kenako ndinadzitumizira ndekha n'kuitsegula pa foni. Yonse inakwana pa sikirini osakweza. Abwanawo anayankha madzulo omwewo, anavomera pa 18 ndipo anawonjezera ndemanga pa gawo 2 la fayilo ija, kutanthauza kuti mzere wa fayilo anauona n'kuitsegula. Ndemangazo ndinazikonza ndikudikira manambala a Lachisanu.